Magazi akakana kutuluka, musathamangire kukweza nambala ya chobayira

Munthu amene amayeza shuga ka 6 patsiku amabaya zala zake ka 42 pa sabata, ndipo chaka chikamatha amakhala atabaya ka 2,190. Timabowo tonseti tikagawidwa bwino pa zala, khungu limapola mwakachetechete, mwini wake osazindikira n'komwe. Vuto ndi loti nthawi zambiri sitigawidwa. Mukayang'ana manja a munthu amene wayeza kwa zaka zingapo mupeza zala ziwiri, kawirikawiri chapakati ndi cha mphete za dzanja limene salembera, zili ndi timadontho takuda kunsonga, khungu lake lili gwa, pamene zala zinazo zili see ngati sizinaonepo singano. Mukatenga chobayira chake, kapeni kaja kamene timaikamo lanseti, kasingano kobayira chala, mupeza nambala yake, imene imasonyeza kuzama kwa kubaya, ili kumapeto kwenikweni.

Zinthu ziwirizi, zala zolimba ndi nambala yokwera, zimaberekana. Munthu amayamba ndi chala chimene chili pafupi, ndipo poti chazolowera, amabwerera pomwepo. Khungu likamavulazidwa pamalo amodzi limadziteteza pokhuthala. Likakhuthala, lanseti siifikanso pa magazi, ndiye amakweza nambala kuchoka pa 2 kufika pa 3, kenako pa 4, mpaka pa 5. Tsiku lina akati ayese chala china, amachibaya ndi nambala 5 yomweyo, ululu wake n'kufika mpaka m'chigongono. Pamenepo amagamula kuti zala zinazo n'zosabayika, n'kubwerera ku ziwiri zake zija. Sikuti zala zinazo zili ndi vuto ayi. Nambala imene anaikwezera khungu lokhuthala ndi imene yazilakwira. Anthu ambiri amene amati anayesa kusinthasintha zala koma zinakanika, anasintha chala osasintha nambala.

Kuti nkhani ya nambalayi imveke, tiyambe taona chimene lanseti imakadutsamo. Khungu la kunsonga ya chala lili ndi zigawo. Chigawo chapamwamba chilibe timitsempha ta magazi, ndipo kunja kwake kwenikweni ndi khungu lakufa limene silimva kanthu. Pansi pake pomwepo mpamene pali timitsempha ting'onoting'ono ta magazi, tothithikana ngati ukonde. Lanseti ikangoboola chigawo chapamwambacho n'kukhudza ukonde uja, ntchito yatha. Ikapitirira, magazi amatuluka ambiri ndithu, koma ikung'amba minofu yodzaza ndi timinyewa timene timamva ululu, ndipo bala lakuya limachedwa kupola. Kuzama kumene mukufuna ndi kochepetsetsa kumene kungakupatseni dontho lodzaza sitiripi, kapepala kaja kamene kamalowa m'kamakina koyezera. Kuzama kulikonse kopitirira apo ndi ululu wopanda malipiro.

Manambala a pa chobayira si mamilimita. Zobayira zina zimayambira pa 1 kulekezera pa 5, zina pa 9, zina zili ndi masitepe opitirira 10, ndipo 3 wa chobayira chimodzi safanana ndi 3 wa chinzake. Zambiri zimayambira pa kuzama kosakwana milimita imodzi n'kulekezera cha m'ma milimita awiri. Malangizo otengera magazi amene Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linatulutsa mu 2010 amati pobaya chala cha munthu wamkulu kuzama kusapitirire mamilimita 2.4, ndipo kwa mwana wopitirira miyezi 6 koma wosafika zaka 8 kusapitirire 1.5, chifukwa fupa lili pafupi. Amenewo ndi malire a chitetezo, ndipo anaikidwa poganiziranso zoyeza za kuchipatala zimene zimafuna madontho angapo. Woyeza shuga kunyumba sayenera kuwayandikira n'komwe. Choncho mukasintha mtundu wa chobayira musatengere nambala yakale. Yambiraninso pansi.

Dontho lofunikalo n'laling'ono kuposa mmene ambiri amaganizira. Masitiripi ambiri a masiku ano amafuna magazi a pakati pa 0.3 ndi 1 maikulolita, pamene dontho wamba la madzi limakhala cha m'ma 50. Kunena kwina, kadontho kofanana ndi mutu wa phini n'kokwanira. Amene anayamba kuyeza kalekale, nthawi imene timakina tinkafuna dontho lolendewera, ambiri akadali ndi chizolowezi chofuna kuona magazi akuyenderera. Ngati mukatha kudzaza sitiripi pachala pamatsala magazi ambiri oti mupukute kawiri katatu, ndiye kuti mukubaya mozama kuposa mmene kamakina kanu kakufunira. Mlingo weniweni walembedwa pa pepala limene limabwera m'bokosi la masitiripi, ndipo ndi bwino kuliwerenga ngakhale kamodzi.

Tsono magazi akakana kutuluka, nambala ikhale chinthu chomaliza kuchikhudza. Choyamba ndi kutentha kwa dzanja. Kukazizira, thupi limafinya timitsempha ta m'zala kuti lisataye kutentha, ndipo chala chozizira mutha kuchibaya mozama koma n'kungotuluka kachizindikiro kofiira. Sambani m'manja ndi madzi ofunda ndi sopo, osati kungonyowetsa, koma kwa theka la mphindi kapena kuposa, kuti dzanja lifunde ndithu. Kusambaku kuli ndi ntchito yachiwiri: shuga wotsalira pakhungu mukagwira chipatso kapena chakumwa chotsekemera amasakanikirana ndi kadontho kaja n'kukweza nambala ya pa kamakina kwambiri, ndipo wogwiritsa ntchito insulini akhoza kudzibaya mankhwala ochuluka chifukwa cha shuga amene sali m'magazi mwake. Pukutani mpaka kuuma, chifukwa madzi otsalira amasungunula magazi ndipo dontho limamwazika m'malo moima. Kenako tsitsani dzanja pansi pa mtima, liyang'ane pansi, muligwedeze kwa masekondi 10 kapena 15. Ndi chala chachikulu cha dzanja linalo, sisitani chala chimene mwasankha kuchokera kutsinde kupita kunsonga, kawiri kapena katatu, mpaka nsonga ifiire. Zonsezi sizitha mphindi imodzi ndi theka, koma kawirikawiri n'zimene zimasiyanitsa nambala 4 ndi nambala 2.

Chachiwiri ndi kagwiridwe ka chobayira. Mantha amachititsa munthu kungochigunditsa pang'ono pakhungu, mwinanso kuthawitsa chala nthawi imene akudina batani. Akatero lanseti imataya gawo la ulendo wake m'malere, khungu limatsetsereka n'kung'ambika m'malo mobooledwa bwino, ndipo magazi satuluka. Kanikizani kukamwa kwa chobayira pakhungu molimba ndithu, molunjika, kuti khungu likungike, ndipo chala muchitsamiritse pa tebulo kapena muchigwirize ndi chala chachikulu kuti chisasunthe. Zimamveka ngati zosemphana, koma kukanikiza kumachepetsa ululu, chifukwa lanseti imalowa ndi kutuluka mowongoka, komanso mumatha kutsitsa nambala. Chofunika n'choti mphamvu yokanikizirayo ikhale yofanana nthawi zonse. Mukamakanikiza mosinthasintha, nambala imodzimodziyo lero ibaya mosaya, mawa mozama, ndipo simudzadziwa nambala yanu yeniyeni.

Chachitatu ndi kudikira. Magazi satumphuka nthawi yomweyo. Mukabaya, werengani mpaka 3 kapena 5 dzanja lili chotsika, kenako sisitani pang'onopang'ono kuchokera kutsinde la chala kupita kunsonga, n'kuleka, n'kubwerezanso. Kusisita kotereku n'kosiyana ndi kufinya pabowo pomwepo ndi mphamvu. Kufinya kumatseka timitsempha tomwe mukufuna kuti titulutse magazito, kumavulaza minofu, ndipo kumatha kusakaniza magazi ndi timadzi ta m'minofu mpaka zotsatira kusokonekera. Ululu wa tsiku lotsatira, uja wakuti chala chikagunda batani la foni mumachita kudzidzimuka, umatha kuchokera ku kufinya, osati ku lanseti yokha.

Zitatuzi zikakhala m'malo, mpamene mungafufuze nambala yanu. Ikani lanseti yatsopano, yambani pa nambala yotsikitsitsa kapena yotsatira yake, ndipo muigwiritse ntchito pa kuyeza kwanu kwa nthawi zonse. Palibe chifukwa chodzibayira mwapadera pofuna kuyesa. Dontho likakwana mutasisita kamodzi kapena kawiri, khalani pomwepo, ndipo ngati mudakali ndi malo otsikira, yesani kutsika sitepe imodzi mawa. Likakana, musabayenso pabowo lomwelo: pitani pa chala china, kwezani sitepe imodzi yokha. Musagamule ndi kuyeza kumodzi, chifukwa m'mawa kukuzizira ndi masana kukutentha dzanja lomwelo limapereka magazi mosiyana. Masiku atatu ndi okwanira kuona chithunzi chake.

Khungu limanena lokha ngati mwalakwitsa mbali iti. Kukakhala kosaya, pamaoneka kachibowo koyera kopanda magazi, kapena kadontho kamene kamafuna kufinyidwa mwamphamvu, kapena kamakina kamakana sitiripi poti sinadzaze. Kusayaku nakonso kuli ndi mtengo wake, chifukwa kubaya kawiri mosaya kumawawa kuposa kubaya kamodzi moyenera, ndipo sitiripi imatayika. Kukakhala kozama, magazi amatuluka okha musanasisite n'kuyenderera, amachedwa kuleka, ululu umakhalabe patapita mphindi zingapo ndipo umamveka mkati osati pakhungu, mwinanso pamada chifukwa magazi aundana pansi pa khungu. Pakati pa ziwirizi pali nambala imene imapweteka kamphindi ngati kulumidwa ndi kanyerere, n'kuiwalika musanamalize kulemba zotsatira. Ndipo nambalayo si imodzi pa dzanja lonse. Chala chaching'ono chili ndi khungu lopyapyala ndi mnofu wochepa pamwamba pa fupa, choncho chimafuna sitepe imodzi kutsika poyerekeza ndi chapakati. Chamkombaphala ndi chachikulu, makamaka kwa wogwira ntchito zamanja, zimafuna sitepe imodzi kapena ziwiri kukwera. Kutembenuza kagudumu ka nambala musanabaye ndi ntchito ya sekondi imodzi, koma ndi anthu ochepa amene amakakhudza chigulireni chobayiracho.

Kunenepa kwa lanseti ndi nkhani ina, yosiyana ndi kuzama. Pabokosi pamalembedwa 28G, 30G kapena 33G, ndipo nambala ikamakwera singano imaonda: ya 28G ndi pafupifupi mamilimita 0.36 m'mimba mwake, ya 30G pafupifupi 0.3, ya 33G pafupifupi 0.2. Yoonda imasiya bowo laling'ono, koma imatulutsanso magazi ochepa. Kwa mwana kapena wa khungu lofewa, wokhala ndi kamakina kofuna magazi ochepa, 33G ndi yabwino. Kwa wa khungu lokhuthala, 33G imamukakamiza kukweza nambala ndi kufinya, ndipo phindu lake limathera pomwepo. Pakati pa singano yoonda yolowa mozama ndi yonenepako pang'ono yolowa mosaya, ine ndingasankhe yachiwiriyo, chifukwa kuzama ndiko kumapweteka kwambiri. Kwa akuluakulu ambiri 30G ndi poyambira pabwino. Onetsetsani kuti malanseti amene mwagula ndi olowa m'chobayira chanu, poti zobayira zina zimalandira a mtundu wake wokha.

Lanseti inapangidwa kuti ibaye kamodzi. Nsonga yake ndi yosongoka kwambiri moti imayamba kubuntha ndi kupindika ikangogwira ntchito, ngakhale maso sangaone. Yobuntha imang'amba m'malo moboola, ndipo ndi imodzi mwa zinthu zimene zimakweza nambala mwakachetechete. Si chinsinsi kuti anthu ambiri amaibwereza, ena chifukwa cha kusowa, ena chifukwa cha ulesi chabe. Langizo loyenera ndi lanseti yatsopano pa kubaya kulikonse. Ngati zimenezo sizingatheke, kusintha m'mawa uliwonse kuli bwino kutalitali kuposa kudikira mpaka iyambe kuwawa, ndipo musaipukute ndi sipiriti, chifukwa malanseti ambiri ali ndi kamafuta koterera kamene sipiriti amachotsa. Chimene chilibe kukambirana ndi kubwerekana. Lanseti ngakhalenso chobayira chenichenicho ndi cha munthu mmodzi, ngakhale mutasintha singano, chifukwa timagazi tosaoneka timatsalira m'kachivindikiro, ndipo kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa. Zogwiritsidwa kale ntchito muziponya m'botolo lolimba lokhala ndi chotsekera.

Tibwere pa malo obaya. Pakati pa nsonga ya chala, paja pali mizere yozungulira, ndi pamene timakhudzira zinthu. Timinyewa tachulukapo, ndipo bowo la pamenepo limagundidwa tsiku lonse mukamalemba, kumanga mabatani kapena kugwira chikho. Bayani m'mbali mwa nsonga, pakati pa m'mphepete mwa chikhadabo ndi pakatikati paja. Mukayandikira kwambiri chikhadabo, mnofu ndi wochepa, pamawawa, ndipo ndi malo amene tizilombo timalowa mosavuta. Mukatsika mpaka pa mfundo ya chala, magazi amachepa. Malo abwinowo ndi kamzere kakang'ono mbali iliyonse ya chala, kotalika mokwanira kuti mukhale ndi malo awiri: lakumtunda chakunsonga, ndi lakumunsi pang'ono.

Kuchipatala amakonda chala chapakati ndi cha mphete, ndipo ali ndi zifukwa zomveka: chachikulu ndi chamkombaphala zimagwira ntchito kwambiri, chaching'ono fupa lili pafupi, ndipo malanseti awo ambiri ndi a kuzama kumodzi kosasinthika. Koma lamulo loyenera munthu wobayidwa kamodzi pa miyezi itatu silingakwanire wobaya ka 6 patsiku. Zala zinayi zokhazo, ziwiri pa dzanja lililonse, ndi mbali 8, ndiye kuti mbali iliyonse ibayidwa pafupifupi tsiku ndi tsiku. Wokhala ndi chobayira chosinthika kuzama akhoza kuonjezera zala zazing'ono pa nambala yotsika, kufika mbali 12, ndi zamkombaphala, kufika 16. Zazikulu zikhoza kulowanso kwa amene sizimuvuta. Woimba gitala, wosoka, kapena wosaona amene amawerenga ndi zala, ali ndi chifukwa chosiyira zala zina, ndipo achite masamu ake ndi zotsalazo.

Kusinthasintha kodalira kukumbukira sikugwira. M'bandakucha, tulo tili m'maso, dzanja limapita lokha ku chala chozolowereka. Pamafunika lamulo loti simuchita kuganiza, lomangirira pa chinthu chimene mukuchidziwa kale, monga nthawi ya kuyezako ndi deti la tsikulo.

Tiyerekeze munthu wamkulu wolembera kumanja, wogwiritsa ntchito insulini, amene amayeza ka 6: podzuka, patatha maola awiri atadya m'mawa, asanadye masana, asanadye madzulo, patatha maola awiri atadya madzulo, ndi pogona. Chobayira chake chili ndi manambala 1 mpaka 5 ndipo chili pa 5. Lanseti ndi ya 28G, amaisintha Lamlungu lililonse, kutanthauza kuti singano imodzi imabaya ka 42. Amapukuta ndi sipiriti, amabaya pakatikati pa nsonga ya chala chapakati ndi cha mphete chakumanzere, n'kufinya. Chala chilichonse mwa ziwirizi chikulandira mabowo 21 pa sabata, pamalo osaposa kambewu ka mpunga.

Choyamba, zala ziwirizo zipume kotheratu. Zotsala, kupatula zazikulu, ndi 6: kumanzere chamkombaphala ndi chaching'ono, kumanja chamkombaphala, chapakati, cha mphete ndi chaching'ono. Zala 6, kuyeza ka 6, ndiye kuyeza kulikonse kukhale ndi chala chakechake. Podzuka, pamene manja ndi ozizira ndipo magazi amavuta, atenge cha mphete chakumanja chimene chimapereka mosavuta. Zinazo azigawe mmene angakumbukire, mwachitsanzo kuyenda motsatana kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo alembe pa kapepala n'kukaika m'kachikwama ka kamakina. Mbali ya chala iuzidwe ndi deti: pa 1, 3, 5 ndi madeti ena otero abaye mbali yoyang'ana ku chala chachikulu, pa 2, 4, 6 mbali inayo. Mwa njira imeneyi mbali iliyonse imapuma maola 48. Akafuna kuonjezera mpumulo, masiku awiri abaye malo akumtunda, masiku awiri otsatira akumunsi, ndipo bowo lililonse lidzabwererwa patatha masiku anayi. Mwezi wa masiku 31 ukamatha, pa 31 ndi pa 1 zimagwera mbali imodzi. Zimenezo zisamudetse nkhawa, angosuntha pang'ono pa kamzere kaja.

Tsiku loyamba aike lanseti yatsopano, makamaka ya 30G poti zala zimene akupitako n'zofewa, atsitse nambala kuchoka pa 5 kufika pa 2, ndipo sipiriti alowedwe m'malo ndi madzi ofunda ndi sopo. Chobayira achigwire ndi dzanja lamanzere pobaya kumanja, zimene poyamba zimakhala zachilendo, ndiye atsamiritse chala pa tebulo kuti kukanikiza kukhale kokwanira. Tinene kuti pa 2 cha mphete ndi chapakati zapereka bwino, chaching'ono chatulutsa mpaka kuyenderera, koma chamkombaphala chakumanja changosiya kachibowo koyera. Tsiku lachiwiri chaching'ono chitsike pa 1, chamkombaphala chikwere pa 3, zinazo zikhale pa 2. Ngati m'mawa wa tsiku lachitatu cha mphete chakana pa 2 pomwe dzulo chinapereka, funso loyamba likhale lakuti madzi anali ofunda kodi, dzanja linatsitsidwa kodi, osati kuthamangira pa 3. Pakutha pa sabata amakhala ndi manambala atatu olembedwa pambali pa mayina a zala, ndipo palibe ndi imodzi yomwe yofika pa 5.

Sabata yoyambayo ikhoza kumveka yowawa kuposa kale, ndipo apa mpamene ambiri amabwerera m'mbuyo. Khungu lokhuthala lija linali litagontha pamwamba, pamene zala zatsopanozi zikumva chilichonse. Kusiyana kwake n'kwakuti ululu watsopanowu ndi wakanthawi, pamene wakale unali wokhalitsa, womveka pogwira zinthu. Zala ziwiri zopumazo zimafuna mwezi kapena kuposa kuti khungu lokhuthala lisuluke ndi timadontho takuda tija, amene ndi magazi ouma otsekeredwa m'khungu, tichoke pamene khungu latsopano likukwera. Azizidzola mafuta a manja usiku pogona. Mafuta okhala ndi 10 peresenti ya mankhwala otchedwa yuriya amafewetsa bwino khungu lolimba. Asadule kapena kusenda khungulo ndi lumo. Zikafewa zibwerere pa ntchito pa nambala 2 kapena 3, ndipo pamenepo akhoza kupumitsa zamkombaphala, zimene zimagundidwa kwambiri masana.

Sipiriti ndamutchula kangapo ngati wolakwa, koma ali ndi malo ake. Pamene palibe madzi, ndi bwino kupukuta naye kusiyana n'kubaya chala chakuda, bola mudikire aume kotheratu. Akalowa m'bowo asanaume amaluma, ndipo amatha kusokoneza zotsatira. Pomugwiritsa ntchito ka 6 tsiku lililonse amaumitsa khungu mpaka kung'aluka. Sachotsanso bwino shuga wa pakhungu ngati mmene madzi amachitira, choncho ngati simunasambe, pukutani dontho loyamba ndi thonje louma n'kuyeza lachiwiri. Manja osambidwa ndi kuumitsidwa bwino, dontho loyamba ndi lokwanira. Mafuta odzola nawo akhale a usiku kapena mutatha kuyeza, chifukwa pakhungu la mafuta dontho siliima, limangofalikira.

Mukadzaza sitiripi, kanikizani pabowo ndi thonje kapena kansalu koyera kwa masekondi 20 mpaka 30, dzanja litakwezedwa pang'ono. Kungopukuta n'kupitiriza ntchito kumasiya magazi akuchuchira mkati, ndipo ndiko kumabweretsa kuda ndi kuwawa kwa mawa lake. Amene amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi akanikize nthawi yotalikirapo, mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo nthawi zambiri nambala yotsika imawakwanira. Ngati zonse mukuchita bwino koma chobayira chayamba kubaya mosinthasintha, ganizirani za chipangizocho: lanseti yosalowa mpaka kumapeto, kachivindikiro kosatsekeka bwino kapena sipuling'i yotopa zimasintha kuzama ngakhale nambala ili pomwepo.

Timakina tina timalola kutenga magazi pachikhatho, pamnofu wa kutsinde la chala chachikulu, kapena pamkono, ndipo zobayira zake zimabwera ndi kachivindikiro koonekera mkati kochitira zimenezi. Kumeneko kumapumitsa zala, koma shuga akamasintha mofulumira magazi a pamkono amatsalira m'mbuyo, n'kuonetsa mmene zinalili kanthawi kapitako. Choncho njirayi ndi ya nthawi imene shuga wakhazikika, monga podzuka kapena musanadye. Pasanathe maola awiri mutadya, mutabaya insulini yogwira msanga, mutachita masewera olimbitsa thupi, mukudwala, musanayendetse galimoto, kapena mukamva zizindikiro za kutsika kwa shuga, bayani chala. Mkono ukhoza kuonetsa 5.5 mmol/L pamene chala chikanaonetsa kuti mwatsika kale pansi pa 3.9 mmol/L, amene ndi 70 mg/dL pa timakina towerengera mwa njira inayo. Amene samva zizindikiro shuga akatsika asagwiritse ntchito mkono n'komwe.

Pali kuwawa kwina kumene nambala ndi kusinthasintha zala sizingakonze. Bowo labwinobwino limasiya kumveka tsiku lomwelo kapena lotsatira. Chala chikayamba kufiira mofalikira, kutupa, kutentha, kuwawa mogunda ngati muli mtima mpaka kukulepheretsani tulo, kapena kutuluka mafinya, ndiye kuti mwalowa tizilombo. Musachibayenso kapena kuchifinya, ndipo aonane nacho achipatala tsiku lomwelo, chifukwa mnofu wa kunsonga ya chala ndi wothina, mafinya akasonkhana mkati amapanikiza timitsempha ndipo amatha kufika pa fupa, makamaka shuga akakhala wokwera. Mbali inayo ndi chala chimene chasiya kumva: dzanzi, kunyerenyetsa kapena kutentha ngati moto kumene kulipo ngakhale pa zala zimene simubaya. Kumeneko kukhoza kukhala kuwonongeka kwa minyewa chifukwa cha shuga kapena kupanikizika kwa mtsempha pamfundo ya dzanja, ndipo n'koyenera kukapimitsa. Kwa munthu wotere ululu sungakhalenso mlangizi wa kuzama, ndiye nambala aisankhe poyang'ana kukula kwa dontho ndi nthawi imene magazi akutenga kuti aleke, ndipo madzulo aliwonse aziyang'ana nsonga za zala zonse pamalo owala.